Mawu a kapitawo akafika papepala

Ife amene tinakaphunzira ntchito pamalo ena omanga nyumba ku Mwanza tinapatsidwa udindo wolemba malangizo a chitetezo kuchokera pa zimene a kapitawo ankakuwa tsiku ndi tsiku. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limafuna kuti olemba ntchito azilangiza antchito awo. Kukuwa kokha sikukwanira, chifukwa waganyu wobwera mawa sanamve zimene zanenedwa lero.

Chenjezo limene tinkalimva kawirikawiri linali la pangalande ya mapaipi: "Iwe, tulukamo! Ukufuna tikukwirire wamoyo?" Mawu amenewa amathamangitsa munthu, koma samuuza nthawi imene angalowemo bwinobwino. Ophunzirafe timakonda kuwasalaza motere: "Antchito akulimbikitsidwa kukhala osamala pokumba." Chiganizochi n'chaulemu, koma munthu akhoza kuchitsatira n'kufabe.

Choncho tinawafunsa kuti, "Kodi mumakhala mutaona chiyani, bambo, kuti mukuwe chonchi?" Anatchula zinthu zitatu: kuya kwa ngalande, mulu wa dothi m'mphepete mwake, ndi mvula ya usiku. Chilichonse tinachisandutsa lamulo lakelake:

1. Musalowe m'ngalande yakuya kuposa mamita 1.2 ngati m'mbali mwake simunatchingidwe ndi matabwa ochirikizidwa.
2. Unjikani dothi lokumbidwa mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera m'mphepete mwa ngalande. Wilibala ndi matumba a simenti zisafikenso pamenepo.
3. Mvula ikagwa, musalowemo mpaka a kapitawo atayendera ngalande yonse n'kusayina.
4. Mukaona mng'alu pamwamba, dothi likugumuka kapena madzi akutuluka m'mbali, tulukani msanga, kenako uzani a kapitawo.

Lamulo lililonse likunena chochita chimodzi, ndipo munthu wogwira tepi kapena wongoyang'ana akhoza kudziwa ngati latsatidwa. Mawu ngati "yakuya kwambiri" tinawapewa, popeza wamtali ndi wamfupi sagwirizana pa kuya kwa dzenje. M'lamulo lachinayi tinaika kutuluka patsogolo pa kukanena, chifukwa anthu amachita zinthu motsata mmene zalembedwera.

Mwano tinauchotsa, koma mantha a m'mawu a kapitawo tinawasunga m'chiganizo chimodzi pamwamba pa pepala: "Dothi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya limalemera pafupifupi ngati matumba 30 a simenti, likakufikani pachifuwa simungapume." Aliyense amene anasenzapo thumba la makilogalamu 50 amamva zimenezi.

Pomaliza tinawerengera aganyu malangizowo mokweza, poti si onse odziwa kuwerenga, n'kupempha mmodzi kuti aloze pamene angathire dothi. Analoza malo oyenera. A kapitawo anangowonjezera kuti pepala silichirikiza ngalande, choncho matabwa aziyamba afika kukumba kusanayambe. Limenelo linakhala lamulo lachisanu.