Ulemu wa "inu" ndi ntchito ya womasulira

Womasulira amene wakhala nthawi yaitali pa ntchito yotembenuza Chichewa kupita m'Chingerezi amadziwa kuti ntchito ya wotchipa imaonekera pa mlowam'malo, ndiye kuti liwu loimira dzina monga "iwe", "inu", "iye" ndi "iwo". Anthu amene amalandira ntchito pa mtengo wozizira, n'kuibweza tsiku lomwelo, amawerenga chiganizo choti "amalume abwera" n'kulemba m'Chingerezi ngati kwabwera gulu la anthu, pamene wabwera ndi mkulu mmodzi. Zoti mwana amauzidwa "bwera" ndipo wamkulu "bwerani", kapena kuti "ndakuona" amasanduka "ndakuonani", sizifunika kuzifotokoza kwa Mchewa, monganso aliyense amadziwa kuti "a" wa pa "a Phiri" ndi "agogo", yemwe m'madera ena a Dedza ndi Ntcheu amamveka ngati "o", sachulukitsa munthu koma amamukweza.

Chovuta choyamba ndi kudziwa chiwerengero cha anthu, popeza Chichewa chimagwiritsa ntchito mawu omwewo polemekeza mmodzi ndi potchula ambiri. Mboni ikanena kuti "anabwera usiku n'kuzula zikhomo za m'malire", mneni yekha sangaulule ngati wozulayo anali mmodzi kapena anali khamu, ndipo pa mlandu wa munda kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Womasulira wosamala amayang'ana dzina lomwe latchulidwa m'mbuyomo, chifukwa anthu akakhaladi ambiri dzinalo limatenga "azi", monga "azimalume", "azibambo" ndi "azigogo", kapena limatsagana ndi mawu ngati "onse" ndi "awiri". Zizindikiro zimenezi zikasowa, ayenera kufunsa mwini mawu, ndipo ngati mwini mawu sangapezeke, alembe poyera kuti Chichewacho chikulola matanthauzo onse awiri. Makasitomala ambiri sakondwera ndi mafunso otere, chifukwa amalipira potengera masamba ndipo amaona ngati kufunsa ndi njira yochedwetsera ntchito, komabe tsamba limodzi la umboni wa kumudzi limadya nthawi yoposa masamba angapo a lipoti la msonkhano, ngakhale mtengo wake ndi umodzimodzi.

Chingerezi cha lero chili ndi mlowam'malo mmodzi yekha wolankhulira munthu pamaso, kaya ndi khanda kaya ndi mfumu. Kale chinali ndi awiri, ndipo wa munthu mmodzi akupezekabe m'Baibulo la Chingerezi la mu 1611, koma adafa pang'onopang'ono m'malankhulidwe wamba, n'kutsala wa ambiri uja, yemwe ndiye anali waulemu. Ophunzira ena amafuna kudzutsa mlowam'malo wakufayo kuti aimire "iwe", koma amenewa amasocheretsa wowerenga, chifukwa Mngerezi wa lero amamumva ngati liwu la pemphero lolankhulira Mulungu, pamene m'Buku Lopatulika Mulungu amatchulidwa kuti "Inu". Choncho ulemu uyenera kuchotsedwa pa mlowam'malo ndi kuikidwa pa ziwalo zina za chiganizo zomwe Chingerezi chimasonyezera ulemu, monga dzina laulemu, lamulo losandutsidwa funso kapena pempho, ndi utali wa chiganizo.

Amene adaphunzitsa mlembi wa nkhani ino ntchitoyi anali mkulu wina yemwe adakalambira pa kutanthauzira milandu m'khoti, ndipo iwo sankalola wophunzira kugwira cholembera asanatchule ubale wa anthu onse a m'nkhaniyo. Ankakhala pakhonde ndi pensulo yofiira, akumvetsera wophunzira akuwerenga mokweza, ndipo akamva "iwe" ankagogoda tebulo n'kufunsa kuti akulankhulayo ndi ndani wa mnzakeyo, wamkulu ndani, ndipo dzulo ankamuitana bwanji. Funso lotsirizali ndilo ankalikonda koposa, popeza ankaphunzitsa kuti "inu" wonenedwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo sauza womasulira zambiri, koma malo amene "inu" wasanduka "iwe" ndi pomwe pagona mlandu. Ankakalipira kwambiri wophunzira womasulira "amalume" ndi liwu lija Achewa adalibwereka n'kumati "ankolo", chifukwa m'Chingerezi liwulo limaphatikiza mlongo wa mayi ndi abale a bambo, pamene kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndipo mng'ono wa bambo ndi "bambo aang'ono". Pa mlandu wa malo, ankalamula kuti pamene dzinalo layamba kutchulidwa palembedwe momveka kuti ndi mlongo wa mayi.

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino vutoli ndi cha mnyamata wokangana ndi amalume ake pa za munda. Poyamba mnyamatayo akuti, "Amalume, mundawu munausiyira amayi, nanga bwanji lero mukulimamo?" Mkangano utakula akuti, "Iwe, choka m'munda muno." Wotchipa amamasulira ziganizo ziwirizi ndi mlowam'malo yemweyo, ndipo woweruza wowerenga Chingerezi amangoona mnyamata wofunsa funso kenako n'kupempha munthu kuti achoke, osadziwa chifukwa chimene nkhaniyo idafikira kubwalo la mfumu. Womasulira waluso amasunga dzina la ubale kumayambiriro kwa chiganizo choyamba, n'kulifewetsa funsolo ndi mawu opempha chilolezo chofunsira, kuti limveke ngati la mwana wodandaula. Pa chachiwiri amachotsa dzina la ubale ndi mawu onse ofewetsa, n'kusiya lamulo lalifupi louma, ndipo ngati penapake mnyamatayo watchula dzina la ubwana la mkuluyo, dzinalo limasiyidwa lokha popanda chilichonse cholikweza. Ngakhale atatero, Chingerezi sichifika pa ukali wa "iwe" ameneyu, motero m'chikalata cha mlandu n'koyenera kuwonjezera mawu ofotokoza kuti apa wolankhula wasiya mawu aulemu n'kugwiritsa ntchito olankhulira mwana. M'nthano kapena m'sewero mawu ofotokozerawo amaononga kukoma, choncho kumeneko womasulira amadalira mmene omvera akudzidzimukira m'nkhanimo.

Pali ulemu wina woposa "inu", womwe ndi kulankhula ndi munthu ngati palibepo, monga mkamwini akamafunsa apongozi ake pamaso kuti, "Kodi amayi adzuka bwanji?" Akamasulira chiganizochi liwu ndi liwu, Mngerezi amaganiza kuti akufunsidwa za munthu wachitatu, kapena amamva ngati wantchito wa m'nyumba ya mfumu, choncho ndi bwino kuchibweza kwa wolankhulidwayo ndi kusunga dzina laulemulo.

Maina a mfunda ndi otchulira munthu kudzera mwa mwana wake nawonso amavutitsidwa ndi otchipa. "Anaphiri" ndi mkazi wobadwira mwa a Phiri, monga "Anabanda" ndi "Anambewe", ndipo kumulemba m'Chingerezi ngati mkazi wa bambo Phiri ndi kumukwatitsa kwa mlongo wake. Dzina lotere lisiyidwe momwe liliri, chimodzimodzinso "agogo", popeza wowerenga amalizolowera msanga. "Amake Chikondi" akhoza kumasuliridwa kuti mayi wa mwanayo pofotokoza nkhani, koma poitana munthu pamaso Chingerezi sichichita zimenezo, ndipo apo womasulira amasunga Chichewa ngakhale kasitomala atadandaula kuti walipira Chingerezi chokhachokha.