Phindu la m'mabuku ndi phindu la msonkho

Ntchito yanga ndi kuwerengera msonkho wa makampani, ndipo imayambira pamene akauntanti wolemba mabuku walekezera. Iye amatseka chaka ndi nambala imodzi pansi pa pepala, phindu la kampani msonkho usanachotsedwe. Ine ndimatenga nambala imeneyo n'kuyamba kubwezeramo zina mwa ndalama zomwe iye anachotsa. Eni makampani ambiri amaona ngati pamenepa ndikuthandiza a MRA kuwadyera masuku pamutu, popeza phindu lomwe ndimawapatsa pamapeto limakhala lalikulu kuposa lomwe odita anasainira. Ine ndimati zambiri mwa zomwe timabwezerazo lamulo silizikana. Limangoti nthawi yake sinakwane. Luso lonse la ntchitoyi lili pa kusiyanitsa chomwe lamulo lachikaniratu ndi chomwe langochiimika kaye.

Manambala awiriwa amasiyana chifukwa amayankha mafunso osiyana. Mabuku amalembedwera eni kampani, a kubanki ndi ena ofuna kudziwa mmene bizinesi ilili, ndiye akauntanti amayenera kuchenjera: akaona kuti chinthu chingatayike, amachilemba chisanatayike. Lamulo la msonkho la Malawi limafunsa zina. Limalola kuchotsa ndalama zomwe zagwiritsidwadi ntchito, zonse ndithu, pofuna kupeza phindu la bizinesiyo, ndipo zisakhale zogulira katundu wokhalitsa monga nyumba kapena makina. Choncho pa mzere uliwonse wa zowonongedwa ndimafunsa ngati ndalamayo yatayikadi kapena tikungoyembekezera, ngati inali ya bizinesi, ndiponso ngati inagula chinthu chotha chaka chomwecho.

Tiyerekeze kampani yolembetsedwa m'Malawi muno, yoitanitsa katundu kunja, yomwe yatseka chaka pa 31 Disembala 2023 ndi phindu la K200 miliyoni. Mwini wake wawerengera kale pamtima kuti 30 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K60 miliyoni. Ndikatsegula mabuku ndimapezamo zinthu zinayi. Choyamba ndi K40 miliyoni ya kutha kwa magalimoto ndi zipangizo, yomwe timati dipirisiyeshoni. Imeneyi ndimaibwezera yonse, chifukwa kampani iliyonse imasankha yokha zaka zomwe lole yake idzathere, pamene lamulo lili ndi miyeso yakeyake, ya kapito alawansi, yofanana kwa onse. Tinene kuti miyesoyo ikulola K30 miliyoni, ndiye imeneyo ndimachotsa. Chachiwiri ndi K15 miliyoni yomwe akauntanti anapatula poganiza kuti mwa ongongola onse ena sadzabweza, osatchula kuti ndani. Chachitatu ndi chindapusa cha K5 miliyoni chomwe kampani inalipira itaphwanya lamulo.

Chachinayi ndicho chimapweteka kwambiri. Kampaniyi ili ndi ngongole ya madola 100,000 kwa amene anaigulitsa katundu, ndipo chaka chatha isanalipire. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole yomwe inali K118 miliyoni inasanduka K170 miliyoni usiku umodzi, ndipo akauntanti anachita bwino kulemba K52 miliyoni ngati yotayika. Koma pa msonkho, kutaya kwa mtundu uwu kumawerengedwa pamene ngongoleyo yalipidwa, ndiye nayonso ndimaibwezera. Tikaphatikiza 40, 15, 5 ndi 52 tipeza K112 miliyoni, phindu n'kukwera kufika pa K312 miliyoni. Tikachotsa kapito alawansi ya K30 miliyoni patsala K282 miliyoni, ndipo msonkho wake ndi K84.6 miliyoni.

Mwini kampani apa amaona K24.6 miliyoni yoonjezera n'kuyamba kudandaula. Koma tiigawe ndalamayo. Chomwe chapitiratu ndi chindapusa chokha, ndipo msonkho wake ndi K1.5 miliyoni. Lamulo silingalole chindapusa kuchepetsa msonkho, chifukwa kutero kukanakhala kuti boma likumulipirira wolakwayo gawo la chilango chake. K23.1 miliyoni yotsalayo ndi msonkho wa pa K77 miliyoni yomwe ikudikira nthawi yake. Ngongole ya madola ikadzalipidwa, kutaya kwenikweni kudzachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho. Wongongola wina akadzadziwika ndi dzina kuti walephereratu, ndipo pali makalata osonyeza kuti anamulondola, ngongole yake idzachotsedwa. Nayo K10 miliyoni yosiyanitsa dipirisiyeshoni ndi kapito alawansi idzabwerera m'zaka zam'tsogolo, popeza njira zonse ziwirizi zikugawa mtengo umodzi womwewo wa lole.

Wina angatsutse kuti mawu oti idzabwera salipira ogwira ntchito mwezi uno. Kampani ikupereka msonkho pa ndalama yomwe ikudziwa kuti yapita kale, ndipo mitengo ikamakwera chaka ndi chaka, kwacha yomwe idzabwerere mtsogolo sidzagula zomwe ikanagula lero. Ichi n'choona ndipo sindichipeputsa. Koma tiganizire zikanakhala mwina. Lamulo likanalola kuchotsa zoyerekeza, ndiye kuti aliyense akanadziikira yekha msonkho pongokweza ndalama yopatulira ongongola kuchoka pa 15 kufika pa 50, ndipo palibe woyendera mabuku akanatha kutsutsa maganizo a munthu pa za mawa. Komanso muyeso womwewu umatiteteza mbali inayo. Kampani yogulitsa fodya kapena tiyi kunja, yomwe ikudikira madola kwa ogula, mabuku ake anaonetsa phindu lalikulu mwezi womwe uja, ndipo phindu limenelo timalichotsa mpaka madolawo atalandiridwa. Kuwawa kwa kudikira kumachepetsedwa pokonzekera: msonkho wolipiriratu wa miyezi itatu iliyonse uwerengedwe kuchokera ku phindu la msonkho, kuti chaka chikatha pasadzatsale phiri loti lilipidwe pamodzi ndi ritani, yomwe imafunika pasanathe masiku 180.

Wina anganenenso kuti ngati zambiri zimabwerera, kulimbana nazo n'kutaya nthawi. Apa m'pamene makampani amataya ndalama zenizeni, chifukwa sizibwerera zokha. Wowerengera chaka chotsatira akapanda kudziwa kuti K52 miliyoni inabwezeredwa, sadzaichotsa ngongole ikalipidwa, popeza mabuku a chaka chimenecho sadzaionetsanso, ndipo kampani idzakhala italipira K15.6 miliyoni yomwe sidzaionanso. N'chifukwa chake chilichonse choimikidwa ndimachilemba pa ndandanda yakeyake yoyenda chaka ndi chaka: chinalipo poyamba, choonjezeredwa, chochotsedwa ndi chotsala. Kulakwa kwa mbali inayo kumabisala m'maakaunti a mayina osalakwa. Mu zokonzetsa mumapezeka injini yatsopano kapena mpanda wa njerwa, mu zina ndi zina mumapezeka fizi ya mwana wa dayilekitala. Ndimatsegula leja mzere ndi mzere, chifukwa dzina la akaunti silindiuza chomwe chinagulidwa.

Ndisanasaine ndimayesa ntchito yanga ndi masamu amodzi. Ndimatenga msonkho womwe ndapeza, n'kuchotsamo msonkho wa zonse zoimikidwa, ndipo chotsalacho chiyenera kufanana ndi 30 peresenti ya phindu la m'mabuku kuphatikiza msonkho wa zokanidwiratu. Pa kampani yathuyi, 84.6 kuchotsa 23.1 ndi 61.5, ndipo 60 kuphatikiza 1.5 ndi 61.5. Manambala awiriwa akasiyana, ndiye kuti chinthu china ndachiika mbali yolakwika kapena ndachiiwala, ndipo ndimabwerera ku leja kukachifuna.