Za Matikiti a Chakudya Chamadzulo Chija

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti komiti ya ana asukulu akale yakusenzetsa ntchito ya matikiti a chakudya chamadzulo chosonkhetsera ndalama zogulira madesiki, Loweruka pa 5 Disembala. Akuti mukufuna ogula msanga alipire zocheperako. Nzeru yabwino, koma musanatchule mtengo kapena tsiku lililonse, pita kuhotela ukafunse zinthu ziwiri: tsiku limene akufuna dipoziti, ndi tsiku limene akufuna kumva chiwerengero chomaliza cha anthu odzadya. Masiku anu onse achokera pa mayankho awiriwa, powerenga chobwerera m'mbuyo.

Tiyambe ndi mtengo. Tiyerekeze kuti mukuyembekezera anthu 160 olipira, ndipo hotela yati mbale imodzi ndi K30,000. Oimba, woyendetsa mwambo, zokongoletsera, kusindikiza matikiti ndi mbale za alendo osalipira, zonse pamodzi tinene K1,600,000. Ukagawira anthu 160 ndalama imeneyi, aliyense imugwera K10,000, kutanthauza kuti munthu mmodzi akukudyerani K40,000. Tikiti yotsika kuposa pamenepa ndiye kuti mwamuitanira munthuyo kuphwando, madesiki sanaone kanthu. Ine ndikanaika K50,000 kwa ogula msanga, K65,000 mtengo weniweni, ndi K80,000 kwa ochedwa. Kusiyana kukhale koti munthu akumve m'thumba. K3,000 sidzutsa munthu pampando.

Mtengo wa msangawu ntchito yake ndi imodzi, kukupezerani ndalama ya dipoziti. Chakudya cha anthu 160 ndi K4,800,000, ndipo ngati hotela ikufuna theka, mufunika K2,400,000. Matikiti 60 a K50,000 abweretsa K3,000,000, yokwanira dipozitiyo, n'kutsalako yogwirira oimba. Choncho lembani poyera kuti mtengowu ndi wa matikiti 60 oyamba basi. Kuchotsera kumeneku kukudyerani kale K900,000, ndipo mukapanda kuika malire, anthu amene akanalipira K65,000 mosanyinyirika nawonso agula motchipa.

Tsopano masiku. Tinene hotela yati dipoziti ifike pa 13 Novembala. Usatseke mtengo wa msanga tsiku lomwelo. Siya sabata yathunthu yotolera ndalama kwa ogulitsa matikiti, kuyerekeza mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ndi dzina la aliyense, ndi kukaika ndalamazo kubanki. Tsiku lotseka likhala Lachisanu pa 6 Novembala. Ubwino wake wina ndi wakuti likubwera malipiro a Okutobala atangolowa. Ukatseka pa 20 mwezi, anthu ofuna ndithu kubwera adzangokuyang'ana, m'matumba muli mbee. Ukatseka pa 31 penipeni, uluza amene malipiro awo achedwa masiku angapo. Ukachedwetsanso kufika pakati pa Novembala, ndalamayo yapita kale ku feteleza ndi mbewu. Yambani kugulitsa kumayambiriro kwa Okutobala kuti uthenga ukhale ndi nthawi yoyenda.

Mtengo wa K65,000 uthe tsiku limodzi hotela isanafune chiwerengero chomaliza. Ngati ikufuna Lachitatu pa 2 Disembala, tsekani Lachiwiri pa 1 Disembala. Kuchokera pamenepo ndi K80,000, ndiponso ya mbale zochepa zimene mwaonjezera dala, mwina khumi, popeza mbale yosadyedwa mudzailipirabe.

Matebulo a makampani uwaike padera. Iwo saopsedwa ndi tsiku lotseka. Amafuna kalata ndi invoisi, ndipo ndalama yawo imadutsa m'manja ambiri isanatuluke. Atumizireni makalata mu Seputembala, tebulo la anthu khumi pa K800,000 pamodzi ndi kutchulidwa dzina pamwambo, koma musadalire ndalama yawo pa dipoziti.

Vuto lako lalikulu lidzakhala anzako ndi ife achibale. Udzamva "ndisungire ziwiri, ndikupatsa mawa" mpaka makutu kuwawa. Lembani pachidziwitso kuti mtengo ukutha pa 6 Novembala nthawi ya 5 koloko madzulo, ndipo chowerengedwa ndi nthawi imene ndalama yalowa. Masabata apakati malonda akazizira usade nkhawa, ambiri amagula masiku awiri omaliza. Koma ikatsala sabata imodzi matikiti ogulidwa asanafike 20, chidziwitso chokha chakanika: gawanani mayina, muimbire anthu mmodzimmodzi. Wina m'komiti adzati tionjezere masiku. Ukane. Amene adathamanga kulipira adzaona ngati mwawapusitsa, ndipo otsalawo sadzakhulupiriranso tsiku la pa 1 Disembala.

Hotela ikakuyankha unditumizire masiku awiri aja tiwaonere limodzi. Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine,
Malume ako