Kutchula mtengo pa siwa

Pa ukwati ndalama imakambidwa mokweza. Pali komiti, pali msungichuma, pali gulu la pa WhatsApp lomwe limatha kukutsutsa mpaka pakati pa usiku. Umatchula mtengo, amati wakwera, mumakumana pakatikati, amapereka theka kuti uwasungire tsiku. Palibe amachita manyazi. Koma foni ikalira usiku, munthu n'kunena kuti "bambo atisiya, tikufuna mudzajambule," pakamwa pamauma. Ojambula anzanga ambiri amayankha kuti "tidzaonana konko." Mawu amenewa amamveka aulemu, komatu ndi amene amadzayambitsa mkangano mwambo ukatha, pomwe banja latopa ndipo ndalama yathera pa bokosi, galimoto ndi chakudya.

Ine chimalizireni sukulu ya ukachenjede ndakhala ndikudyera kamera, ndipo mtengo wa pa maliro ndimautchula ndisananyamule chikwama. Chachikulu n'kudziwa womuuza. Mayi wamasiye kapena mwana amene akulira pafoni si woti uyambe kumuwerengera makwacha. Ndimapepesa kaye, kenako ndimafunsa kuti, "Kodi akuyendetsa za ndalama ndi ndani, kuti ndisakuvutitseni inuyo?" Nthawi zonse amakhalapo: malume, mlamu, kapena mchemwali amene ali ku Joni. Amene uja mutu wake uli kale pa mawerengero, ndipo amayamikira ukamupatsa nambala yomveka.

Nditenge ntchito imodzi kuti muone momwe nambalayo imatulukira. Ndalamazi ndi za nthawi imeneyo, musazitenge ngati mtengo wa lero. Anandiimbira Lachiwiri madzulo, kuika m'manda kunali Lachinayi kumudzi wina ku Dedza, ine ndili ku Lilongwe. Wolipira anali mwana wamkazi wa malemu, yemwe ali ku Joni ndipo sakanatha kubwera. Ankafuna zinthu ziwiri: aonere mwambo pa Facebook pomwe ukuchitika, ndiponso adzalandire vidiyo yoti asunge.

Ndinayamba ndi ndalama zomwe zituluke m'thumba mwanga. Ulendo wa anthu awiri, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo kabaza wochokera pa msewu wa tala, K40,000. Wondithandiza K30,000, chifukwa munthu mmodzi sangagwire foni yoonetsera pa intaneti uku akuthamanga ndi kamera kutsogolo kwa bokosi. Bandulo K15,000: kuonetsa vidiyo ya 720p kumadya pafupifupi 1 GB pa ola, ndiye mwambo wa maola anayi kapena asanu umafuna 5 GB ndi yapamwamba, ndipo ndimagula pa manetiweki awiri poti kumudzi sudziwa imene igwire. Fulashi yoperekera vidiyo K15,000. Kenako pali ndalama imene ongoyamba kumene amaiiwala, ya kutha kwa zipangizo. Ngati kamera, lenzi ndi mabatire zinandidyera K2,000,000 ndipo ndikuyembekeza kuti zigwira ntchito 100 zisanafooke, ntchito iliyonse iyenera kubweza K20,000. Zonsezi pamodzi ndi K120,000, ndipo apa ineyo sindinadyepo ngakhale tambala.

Ya ineyo ndimawerengera maola. Kunyamuka m'mawa mpaka kubwerako madzulo anali maola 10. Kukonza vidiyo maola 8: kudula zojambula za maola asanu kuti zifike mphindi 40, kuyeretsa mawu a mlaliki omwe mphepo yawasokoneza, kulemba maina a olankhula molondola. Maola 18 pa K5,000 ndi K90,000. Mtengo wonse unakhala K210,000.

Mayiwo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Achimwene, ndili ndi 150 basi." Apa ndi pamene mtima umafuna kungoti chabwino, poti munthu waferedwa. Koma ndikavomera K150,000 pa ntchito yomweyo, ndiye kuti maola 18 ndagwirira K30,000, ndipo mawu a ku lendi sasintha chifukwa choti ndinali wachifundo. Chimene ndimachita n'kuchepetsa ntchito, osati kungodula mtengo. Ndinawauza kuti, "Achemwali, pa 150 nditha kuonetsa mwambo wonse pa Facebook, n'kukutumizirani zojambulazo momwe zilili, zosakonza. Tichotse fulashi ndi maola okonza." Kuchotsa K15,000 ndi K40,000 kunatsala K155,000, ndipo K5,000 yotsalayo ndinaisiya ngati chipepeso changa, n'kuwauza momveka kuti ndi chipepeso. Anasankha zimenezo. Patatha mwezi anatumiza ina kuti ndikonze vidiyo ija.

Kalipiridwe nakonso kamasiyana ndi ka ukwati. Theka la mtengo sindilipempha. Ndimapempha ya ulendo, bandulo ndi wondithandiza, itumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ndisananyamuke, kuti zinthu zikavuta ndisaluze ya m'thumba. Yotsalayo timapangana tsiku, kawirikawiri pakatha sabata, ndipo zonse ndimazilemba mu uthenga umodzi wa pa WhatsApp kuti wolipirayo ayankhe kuti wavomera. Mtengowo ndimati ukhala masiku ochepa okha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula batire kapena memori khadi akudziwa kuti mtengo wa mwezi watha ndi nthano.

Pali china chomwe ndalama siigula. Wolipira si mwini maliro. Mayi wa ku Joni akhoza kutumiza ndalama yonse, koma pabwalo pali mwini mbumba, pali amfumu, pali akuluakulu a mpingo, ndipo ena mwa iwo sanamve n'komwe kuti kubwera kamera. Ndikafika ndimaisiya m'chikwama, ndimakhala pansi pomwe akhala azibambo, n'kupempha kuti andiperekeze kwa akuluakulu. Ndimafunsa zinthu zitatu: kodi nthawi yoona nkhope ndijambule, kodi m'nyumba ya siwa ndilowe, nanga kumanda ndikafike pati. Ku Dedza kuja anati nkhope ayi, kumanda inde koma ndiime kumbuyo kwa adzukulu. Ndinamuimbira wolipirayo nthawi yomweyo kuti adziwe kuti nkhope ya bambo ake saiona pafoni. Analira, koma anamva. Ichi n'chifukwa chake mu uthenga wa mgwirizano ndimalembamo kuti zomwe akuluakulu akaniza sizitsitsa mtengo. Ukapanda kulemba, mawa amadzati wagwira theka la ntchito.

Kajambulidwe kakenso ndi kena. Pa ukwati ndimayandikira, ndimauza anthu kuti sekani, tembenukani. Pa maliro ndimagwiritsa lenzi yokoka patali, kuwala kwa kamera ndi kaphokoso kake ndimazimitsa, ndipo munthu amene wagwa pansi ndi kulira ndimamupatsa msana. Zimene banja limadzafuna pakatha chaka si misozi ayi. Ndi mbiri ya malemu momwe anaiwerengera, kwaya, amayi a Mvano atandandalika mu yunifolomu yawo, kuyala nkhata, ndi nkhope za agogo amene mwina pa maliro otsatira sadzakhalapo. Ndiye maikolofoni ndimaiika pafupi ndi olankhula kuyambira pachiyambi, chifukwa chithunzi chosaoneka bwino anthu amachikhululukira, koma mbiri yosamveka amakubwezera.

Maliro a m'dera lomwe ndimakhala ndi nkhani ina. Amenewo sinditchula mtengo, komanso kamera sinditenga pokhapokha banja litachita kundipempha. Ndikatero ndimapereka nambala ya mnzanga wa ku Area 25 kuti abwere adzajambule pa mtengo wake, ine n'kukathandiza kunyamula mabenchi ku tchalitchi.