Mzere wa malonje m'kalata

Zaka zingapo zapitazo ndidapatsidwa ntchito yokonza maphunziro a masiku atatu a aphunzitsi a chiyankhulo ochokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambiki. Makalata oitanira anthu adali 36. Thunthu la kalata ndidaliwerenga kanayi, kusalaza chiganizo chilichonse mpaka ndidakhutira. Mayina ndidangowatenga pa mndandanda umene ofesi ina idanditumizira, n'kuwaika m'malo mwake usiku umodzi.

Pa mndandandapo padali mphunzitsi wa m'boma la Angónia. Dzina lake lenileni sindilitchula, koma tiyerekeze kuti lidalembedwa "C. Muale", ndipo pambali padalembedwa mawu amodzi osonyeza kuti ndi wa mu utsogoleri wa sukulu. Nditaona "Muale" ndidati wotayipa walakwitsa, popeza aliyense amadziwa kuti dzinali ndi Mwale. Ndidalikonza. Kenaka ndidalemba keyala ya wolandira kuti "Mphunzitsi Wamkulu", ndipo malonje adatuluka motere:

Wokondedwa a Bambo Mwale.

Patapita sabata ndidalandira lamya. Adali mayi. Adayankhula mofatsa, m'Chinyanja chokoma cha kwawo, kuti kalata yafika koma sangathe kuigwiritsa ntchito. Kuti apatsidwe chilolezo chochoka pasukulu ndi kuwoloka malire, ankayenera kuonetsa kalata yokhala ndi dzina lofanana ndi la pa chitupa chawo, ndipo pachitupapo padalembedwa Muale. Adawonjezera, akuseka pang'ono, kuti iwo si bambo, ndiponso si mphunzitsi wamkulu koma wachiwiri wake. Mphunzitsi wamkulu weniweni ndiye adatsegula kalatayo, ndipo adawafunsa kuti udindowo adawapatsa ndani.

Ndidachita manyazi. Ndidaphunzira za ziyankhulo mpaka digiri yachiwiri, koma m'mzere wa mawu anayi ndidalakwitsa kanayi, kuwonjezera pa cholakwa cha pa keyala. Nditakhala pansi kuunika zolakwazo, ndidaona kuti sizidali za mtundu umodzi. Zina ndikadazigwira ndi malamulo a kalembedwe, koma zina malamulowo ndiwo adandisokeretsa.

Ndiyambe ndi dzina, poti ndipo padagona nkhani. Ife aphunzitsi a chiyankhulo tidazolowera kuti liwu lililonse lili ndi kalembedwe kake kovomerezeka, ndipo tikaona kalembedwe kena dzanja limathamangira cholembera chofiira. Dzina la munthu silili choncho. Kalembedwe kake kolondola ndi kamene mwini wake amagwiritsa ntchito ndi kamene kali pa zikalata zake. Ku Mozambiki mayina ambiri adalembedwa motsatira Chipwitikizi, chimene kwa nthawi yaitali chidali ndi malembo 23, opanda k, w ndi y. Choncho pamene ife timalemba w iwo amalemba u, pamene timalemba ny iwo amalemba nh, ndipo k nthawi zambiri amasanduka c kapena qu. Likulu la boma la Angónia limalembedwa Ulónguè, pamene malo a dzina lomwelo ku Balaka timawalemba Ulongwe. Nyanja imene ena amaitcha Nyasa, tsidya linalo amalemba Niassa. Ndiye Muale si Mwale wolakwika. Ndi dzina la munthu monga lidalembedwera tsiku limene adamulembetsa m'kaundula, ndipo lili pa setifiketi iliyonse imene adalandirapo.

Ngakhale m'dziko limodzi vutoli lilipo. Pali a Chirwa ndi a Chilwa, pali a Mbewe ndi ena amene amalemba Mbeŵe, pali olemba h m'dzina lawo ndi ena osalemba. Lamulo lonena za pamene timalemba l ndi pamene timalemba r limagwira ntchito pa mawu wamba, koma silingakuuzeni kuti banja lakutilakuti limalemba bwanji dzina lawo. Anzathu a ku Zambia adazolowera kulemba c pamene ku Malawi timalemba ch, monga m'mawu akuti Cinyanja, komabe mayina a anthu ambiri kumeneko ali ndi ch. Palibe njira yoganizira. Masiku ano dzina ndimalitenga pamene mwini wake adalilemba yekha: pansi pa kalata imene adanditumizira, pa fomu imene adadzaza, kapena pa chitupa. Mndandanda wotayipidwa ndi munthu wina ndimautenga ngati mphekesera. Ngati palibe pena poonera, ndimaimba lamya n'kupempha kuti anditchulire lembo limodzilimodzi. Sindidakumanepo ndi munthu amene adakwiya chifukwa chomufunsa zimenezi.

Cholakwa chachiwiri chidali "Bambo". Apa sindingaloze chala Chipwitikizi. Lembo loti C silinena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ine ndidangoganiza kuti wotsogolera sukulu ndi mwamuna. Mayina ambiri oyamba a kwathu kuno, monga Chikondi, Chisomo, Mphatso ndi Kondwani, nawonso sangakuthandizeni kwenikweni, chifukwa ambiri mwa iwo amapatsidwa kwa ana aamuna ndi aakazi omwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti chiyankhulo chathu chidandipatsa pothawira koma sindidapaone. Kaliwu kaulemu kakuti "a" sikasankha mwamuna kapena mkazi. Ndikadalemba kuti "Okondedwa a Muale," sindikadalakwira munthu.

Kaliwu kameneka kali ndi malamulo ake, ndipo apa ndiye pamene buku la kalembedwe limathandiza. Timakalemba patokha, ndi lembo laling'ono, ndipo dzina lotsatira limayamba ndi lembo lalikulu: "a Muale". Kamakhala lembo lalikulu pokhapokha kakayamba chiganizo kapena mzere. Ophunzira amakonda kulemba "aMuale" kapena "Amuale", ndipo kalembedwe kachiwirika kamapanga dzina latsopano limene kulibe. Amene mumaphunzitsa ku Zimbabwe mudzaona cholakwachi kawirikawiri, chifukwa m'Chishona mawu aulemu amaphatikizidwa ku dzina, monga VaMoyo, ndipo mwana amangosamutsa chizolowezicho.

Cholakwa chachitatu chidali kusagwirizana kwa mawu. "Wokondedwa" ndi wa munthu mmodzi, pamene "a" ndi waulemu ndipo amatenga mgwirizano wa anthu ambiri. Timati "a Banda abwera", osati "a Banda wabwera". Chimodzimodzinso tiyenera kunena "Okondedwa a Banda". Ndikudziwa kuti ambiri tidaphunzira kulemba "Wokondedwa Bambo," m'kalata yantchito, ndipo pa galamala palibe cholakwika pamenepo, popeza "bambo" ndi dzina la munthu mmodzi. Chimene sichitheka ndi kusakaniza ziwirizi monga ndidachitira ine. Maganizo anga ndi akuti polembera munthu wamkulu, amene m'thunthu la kalata ndimutchula kuti "inu", ndi bwino kuyamba ndi "Okondedwa" kuti ulemu wa pamwamba ufanane ndi wa m'kati. "Wokondedwa" ndimasungira mwana wanga ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo.

Chachinayi n'chachifupi. Malonje si chiganizo, choncho satha ndi mpumiro. Amatha ndi mpatuliro, ndipo mzere wotsatira umayamba ndi lembo lalikulu. Ngati mwasankha kalembedwe kosaika zizindikiro kumapeto kwa mizere ya keyala ndi malonje, musaikenso pa mawu otsanzikira. Mzere wokonzedwa udakhala uwu:

Okondedwa Mayi Muale,

Onani kuti "Mayi" ali ndi lembo lalikulu chifukwa waima ngati mbali ya dzina. M'thunthu la kalata, ndikamanena za mayi wina aliyense, lembolo limakhala laling'ono. Chimodzimodzi ndi udindo: pa keyala ndimalemba "Wachiwiri kwa Mphunzitsi Wamkulu", koma m'chiganizo ndimati "mufunse mphunzitsi wamkulu".

Udindo uli ndi vuto lake limene dzina lilibe: umasintha. Munthu amakwezedwa, amasamutsidwa, amapuma pantchito, kapena amangogwirizira mpando wa wina. Ndinkaganiza kuti kukweza munthu molakwitsa n'kwabwino kusiyana ndi kumutsitsa. Mayi aja adandiphunzitsa kuti sizili choncho, chifukwa kalata yantchito siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Imadutsa m'manja mwa mlembi ndi mwa bwana, ndipo udindo wolakwika umaoneka ngati wolandirayo adadzikweza yekha. Udindo uyenera kufunsidwa kwa ofesi ya munthuyo sabata imene mukulemba kalata, osati kutengedwa pa mndandanda wa chaka chatha.

Palinso maudindo amene amalowa m'malo mwa "Bambo" kapena "Mayi" ndipo sitiwaunjika pamodzi. Mfumu yaikulu ya Achewa, imene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndi Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amene angayambe kalata ndi "Bambo Undi". Nduna kapena phungu timati "Olemekezeka", m'busa timati "Abusa", mtsogoleri wa Chisilamu timati "Shehe". Mukamaphunzitsa, ndi bwino ophunzira asonkhanitse okha maudindo a m'dera mwawo pofunsa akuluakulu, chifukwa zimene zimamveka zaulemu ku Dedza sizingafanane ndendende ndi za ku Chipata kapena m'midzi ya kumigodi ku Zimbabwe.

Umu ndi mmene ndimachitira tsopano, ngakhale makalata atachuluka chotani. Ndikamaliza kuwerenga thunthu, ndimaliphimba ndi pepala kuti diso lisatengeke ndi nkhani. Ndimaika chikalata cha mwini dzina pambali, n'kuyerekeza dzinalo lembo ndi lembo, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, chifukwa ukawerenga cham'tsogolo diso limaona dzina limene ulidziwa kale. Ndikadawerenga "elauM" sindikadaona Mwale. Ndikatero ndimayang'ana malo atatu pamene dzinalo lalembedwa, pa envelopu, pa keyala ya wolandira ndi pa malonje, popeza nthawi zambiri timakonza pamodzi n'kuiwala pawiri. Pomaliza ndimaona malembo aakulu, kaliwu kaulemu, mgwirizano ndi mpatuliro. Kalata imodzi imanditengera mphindi ziwiri.

Polemba m'makope a ophunzira, njirayi imafuna kusintha pang'ono kachongedwe. Mwana akalemba "wokondedwa amayi." mukhoza kumuchongera nthawi yomweyo, chifukwa lamulo mukulidziwa. Koma akalemba dzina la amalume ake m'njira yachilendo kwa inu, musalidule. Ikani kachizindikiro pambali, mumufunse. Mwina walakwitsadi, mwinanso amalume akewo adabadwira tsidya lina la malire.

Kalata yatsopano ndidaitumiza tsiku lomwelo, koma chilolezo chidatuluka mochedwa ndipo mayi aja adafika tsiku lachiwiri masana, gawo limene ankalifuna kwambiri litadutsa. Pa tsiku lotsekera, ndisanasindikize masetifiketi, ndidayendetsa pepala kuti aliyense alembe yekha dzina lake ndi mmene amafunira kutchulidwa. Pa mayina 36 amene ndidali nawo m'kompyuta, asanu adafunika kusintha, ndipo atatu mwa asanuwo adali a anthu a kwathu konkuno.