Kuchoka pa basela kufika pa mphoto za pa Facebook

Amayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe saikanso basela masiku ano pokhapokha wogula atachita kupempha, ndipo ngakhale atapempha amayankhidwa kuti katundu wakwera. Chodabwitsa mlembi wa nkhaniyi n'chakuti zaulere sizinathe ayi. Zangosamukira pa foni, pomwe aliyense wa bizinesi akumwaza mayunitsi ndi ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba kuti tsamba lake lichuluke olitsatira.

Mlembiyu anakula m'zaka za m'ma 1980, wailesi ili imodzi yokha ya MBC, kanema wa dziko lino asanabwere mu 1999. Akatumidwa kumsika, ankadziwa mayi amene amaonjezera kamulu ka bonongwe kapena katomato kamodzi pamwamba, ndipo miyendo inkapita yokha kumeneko. Ana ankakanda m'kati mwa zitsekero za Fanta ndi msomali kufuna kuona ngati mwalembedwa mphoto. Mipikisano ya pa wailesi inkafuna kalata, sitampa ndi ulendo wa ku positi ofesi, kenako banja lonse n'kukhala chete madzulo kudikira dzina. Ambiri sankawina, n'zoona, komabe zinali zokoma. Ndipo m'zonsezi mphatso inkagwera munthu amene wagula kale kapena wavutikirapo.

Lero mpikisano ndi wa chala chimodzi: tsatirani tsamba, gawani uthengawu, tchulani anzanu asanu. Anthu amakhamukira, chiwerengero chimakwera, koma mphoto ikangoperekedwa pamakhala zii. Alenje a mphoto savuta kuwazindikira. Pa tsamba lawo pamangodzaza mipikisano ya ena, ndemanga yawo ndi "done" kapena nambala ya foni, ndipo safunsa mtengo wa chilichonse. Amawononganso mwakachetechete, chifukwa Facebook ikaona kuti otsatira tsamba sakulabadira zimene mwini wake akuika, imazionetsa kwa anthu ochepa. Tsamba limatupa koma mawu ake samveka. Komanso malamulo a Facebook saloleza kuti kugawa uthenga kapena kutchula anzako kukhale njira yolowera mpikisano, ngakhale ambiri amangochita.

Tiyerekeze telala wa ku Ndirande amene ali ndi K50,000 yoti agwiritse ntchito. Akaigawa ngati ndalama, alowa aliyense, wa ku Karonga ngakhale wa ku Joni, pakuti ndalama palibe amaikana. Koma akanena kuti wopambana asokeredwa diresi laulere, nsalu abweretse yekha ndipo adzayezedwe pa shopu, sefa yagwira kale ntchito. Mnyamata wofuna bandulo adutsa. Atsala amayi ndi atsikana a mu Blantyre amene ali ndi chitenje m'sutikesi, ndipo amenewo ndiwo makasitomala ake a mawa.

Njira yolowera nayo ikhale ndi kathukuta pang'ono. Telalayo apemphe olowa kuti aike chithunzi cha chitenje chawo pa ndemanga n'kunena sitayilo imene akufuna ndi mwambo umene adzavalire, kaya chinkhoswe, kaya ukwati. Mlenje wa mphoto sadzuka kukatsegula sutikesi. Telala naye amapindula kawiri, chifukwa ndemangazo zimamuuza masitayilo amene anthu akufuna ndi miyezi imene ntchito idzachuluke. Malamulo alembedwe poyera tsiku loyamba: tsiku lotseka, dera, kuti munthu alowa kamodzi, ndi mmene wopambana adzasankhidwire. Sabata imodzi ndi yokwanira. Ikapitirira, anthu amaiwala.

Tsiku losankha, mayina alembedwe pa timapepala, aponyedwe m'beseni, mwana atole limodzi kanema akuonetsedwa pompopompo. Apa mlembiyu amamva kafungo ka masiku a wailesi aja. Telala achenjezeretu kuti wopambana salipira kanthu, popeza akathyali amatsegula masamba ofanana dzina n'kumauza anthu kuti awina, atumize kaye ya mayendedwe.

Chimene ambiri amaiwala ndi osapambana aja. Iwo anena okha kuti ali ndi nsalu ndipo akufuna diresi. Kuwatsitsira mtengo kwa masabata awiri, kenako kuonetsa wopambana atavala diresi lake ngati wavomera, kumabweretsa ena pa shopu.

Zotsatira zisawerengedwe usiku wa chisangalalo. Telala alembe chiwerengero cha omutsatira mpikisano usanayambe, adzachionenso patatha mwezi, ndipo awerenge amene afunsa mtengo ndi amene abweretsadi nsalu. Ena adzachoka ndithu, ndipo chiwerengero sichidzafika pa cha mnzake wogawa mayunitsi. Koma akapeza madiresi asanu olipiridwa pa K15,000 lililonse, ndalama ya mphoto ija yabwerera.