Lipoti la odita likati "kwolifayidi", musafulumire kuwomba m'manja

Abale apamsewu ndi anzathu ageni, ife tili mu komiti ya gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Oodi, kufupi ndi Gaborone. Pali mawu awiri a mu lipoti la odita amene amasokoneza makomiti ambiri.

Dalaivala akakhala kwolifayidi ndiye kuti ntchito amaidziwa. Kwa odita ndi zosemphana. Ganizo la "anikwolifayidi" ndilo loyera: akunena kuti mabuku akuonetsa bwino momwe chuma cha gulu chilili. "Kwolifayidi" ndiye kuti waikapo "koma". Fufuzani mawu oti "ekisepiti fo", kutanthauza "kupatula". Ndime yotsatira imafotokoza chimene wapatulacho.

Komiti yathu timaifotokozera ndi chitsanzo ichi. Tinene kuti ngongole zonse zili kwa mamembala ndi P400,000, ndipo phindu la chaka ndi P90,000. Mwa ngongolezo, P60,000 ili kwa anthu atatu amene anawoloka pa Kazungula chaka chatha, foni sizikugwira, sanabwezeko ngakhale thebe imodzi. Msungichuma akuiwerengabe ngati ndalama yobwera. Odita akuti ayi, ichotsedwe pa phindu ngati ngongole yokayikitsa.

Apa ndiye pamavuta, chifukwa lipoti lisanasainidwe komiti imakhala ndi mwayi wosankha. Tikavomera kukonza, phindu litsika kufika pa P30,000, mamembala agawana zochepa, ku msonkhano wapachaka kukhala phokoso, koma lipoti lituluka loyera. Tikakana, pepala lionetsabe P90,000, odita alemba kuti zonse zili bwino kupatula P60,000 ija. Ife timati bola kukonza. Kugawana P90,000 pamene phindu lenileni ndi P30,000 ndi kudya masheya a anthu, ndipo amene adzatsale m'manja muli gwa ndi womaliza kutuluka m'gulu.

"Koma" amabweranso pa chifukwa china: odita sanapeze umboni. Mwina malisiti a miyezi iwiri anasowa, kapena ndalama zinalandiridwa pamanja ku boda osalembedwa. Apa sakunena kuti wina waba. Akunena kuti sanathe kutsimikiza. Musathamangire kuloza msungichuma chala, yambani mwafuna mapepalawo.

Lamulo la ma odita lotchedwa ISA 705 limati "kwolifayidi" ndi ya vuto lalikulu koma la mbali imodzi. Likafalikira mabuku onse, odita amanena kuti mabukuwo ndi olakwika, kapena amakana kupereka ganizo ngati umboni ndiwo wasowa. Zimenezo ndiye zoopsa kuposa.

Lipoti loyera nalonso lili ndi malire. Odita saona lisiti lililonse, amatapa zina ndi zina, monga amachitira ofisala pa boda akatsegula makatoni ochepa mu thiraki yodzaza. Ndipo gulu loti laluza chaka chonse likhoza kulandira lipoti loyera, bola kuluzako kwalembedwa moona. Choncho mukaona "anikwolifayidi", pitanibe pa tsamba la ngongole, mufunse kuti ndi ndalama zingati zimene zapitirira miyezi itatu osabwezedwa.